Posita ya loji: njovu zikutuluka bhobho koma galimoto ikukana kupita kutali

Chiko wa Mapulinti: Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi kavuto ndithandizeni. Alamu anga andipezera kaganyu, kali kaloji kena kakang'ono m'mbali mwa Shire kufupi ndi paki ya Liwonde, eni ake akufuna posita ya A3 ndi ina yoponya pa Facebook. Akuti chithunzi chikhale cha dzuwa likutuluka, nyama zikuoneka, ndiye galimoto ya alendo izioneka chapatali uko. Ine ntchito yanga mukuidziwa ndi makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro pa Ntcheu boma pano, zanyamazi sindinapangepo. Ndalemba chonchi mu apu ya AI ija yopanga zithunzi kuchokera ku mawu

```
safari lodge advertisement, sunrise, African wildlife, safari vehicle in the distance, beautiful, realistic
```

Zimene zikutuluka ndi nthabwala. Galimoto yadzaza pakati pachithunzi ngati ndikutsatsa galimotoyo, kumbuyo kuli chiphiri chachikulu choyera pamwamba, akadyamsonga awiri, ndiye m'mwambamu yalembamo zilembo zosawerengeka ngati mwana wa sitandade 1. Ndayesa ka 9 chichokere dzulo, bando ikungotha.

Jah Mada: Kkkkk chiphiri choyera pamwambacho ndi Dedza mu Julaye imeneyo aise. Iwe vuto pulomputi yako, mawu amene walemba mu apuwo, ndi yaifupi. Uwonjezere `8K, ultra HD, masterpiece, award winning` uona, ine ndimangotero basi zimatuluka zoyera ngati za pa DStv.

Mayi Nachisale: Mwadzuka Chiko mwana wanga. Lojiyo usiku umodzi ndi zingati? Bungwe lathu la amayi tikufuna kokayenda mwezi wa 10.

Chiko wa Mapulinti: Mayi ndikufunsirani mitengo, ine ndangopatsidwa za posita zokha

Nangozo: Chiko moni. Za 8K zija zisiye kaye, sizikukhudza vuto lakoli. Mada sukunama kuti pulomputi ndi yaifupi koma chimene chikusowa si mawu okometsera ayi. Tiyambe ndi zilembo zosawerengekazo, zikubwera chifukwa walemba `advertisement`. Chinthucho chinaphunzira pa zithunzi zambirimbiri, ndipo zithunzi zotchedwa choncho pafupifupi zonse zimakhala ndi malemba, ndiye nachonso chikuyesa kulembapo. Iwe usapemphe posita kumeneko. Upemphe chithunzi chokha, dzina la loji ndi manambala a foni ukaika wekha mu Canva kapena CorelDRAW monga umachitira ndi makadi a ukwati.

Chiphiricho ndi Kilimanjaro. Ukangolemba `safari` ndi `African wildlife` osatchula malo, chimakutengera ku Kenya ndi Tanzania, poti zithunzi zambiri za pa intaneti zokhala ndi mawu amenewo n'zakumeneko. Ndiye mitengo ija yaphwatalala pamwamba ngati ambulera ilipo eti?

Chiko wa Mapulinti: Ilipo kkkk, umodzi uli pakati penipeni dzuwa lili kuseri kwake

Nangozo: Ndinadziwa. Ndiye funso langa loyamba, ndipo usaliderere, lojiyo ili tsidya liti la mtsinje? Munthu akaima pakhonde la lojiyo m'mawa dzuwa limatulukira kutsogolo kwake kapena kumbuyo?

Chiko wa Mapulinti: Eee zimenezo sindikudziwa, dikirani ndifunse alamu

A Mbewe a ku Golomoti: Ndaona nkhani ya Liwonde ndati ndilowepo. Ine ndinayendetsapo alendo m'pakimo zaka zingapo ndisanabwerere kumudzi kuno. Chiko, akadyamsonga awo achotse lero lomwe. Ku Liwonde kulibe. Ofuna kadyamsonga apite ku Majete, kumeneko anabwera nawo mu 2018. Ukawasiya papositapo mlendo adzafika ndi foni m'manja kumuonetsa dalaivala kuti ndikufuna ichi, ndipo wovutika si iwe ndi dalaivalayo. Nyumbunso ngati zatulukamo uchotse, zija zimathamanga chigulu pa TV, ife kuno tilibe.

Liwonde ukamaiona umaizindikira ndi madzi a Shire, bango, mvuu zambirimbiri, ng'ona, njovu, anakodzwe ndi nswala padambo, nkhwazi pamtengo. Mitengo ndi mivumo italiitali ija m'mbali mwa mtsinje, milambe, ndiye mkati ukalowa ndi tsanya yekhayekha. Munthu woti anafikako akaona mvumo ndi madzi amadziwiratu kuti uku ndi kwathu.

Jah Mada: Koma mdala mikango iliko mesa? Ikani mkango pa posita anthu amakonda mkango

A Mbewe a ku Golomoti: Iliko mwana wanga. A African Parks anayamba kuyendetsa pakiyo mu 2015, mu 2017 anabweretsa akakwiyo, mikango inabwera 2018. Koma kukhalako ndi kuoneka ndi zinthu ziwiri. Mlendo wa masiku awiri akhoza kuiona akhozanso kubwerera osaiona. Njovu ndi mvuu ndiye nditha kulumbira, nthawi ya chilimwe sungachoke osaziona.

Chiko wa Mapulinti: Alamu ayankha. Akuti ili tsidya la kuno la ku Balaka, paki ili tsidya linalo, m'mawa dzuwa limatulukira kutsidyako moti alendo amamwa tiyi likuwathobwa m'maso

Nangozo: Basi nkhani yaphweka. Kamera yathu iime pamene pali khondelo, kuyang'ana kum'mawa. Ndiye kuti kuwala kukuchokera kuseri kwa nyama, nyamazo zizioneka zakudako ndi kamzere kowala m'mphepete mwa msana ndi makutu, zithunzithunzi zake zizigwera kwa ife oonerafe, ndipo pamadzi pakhale njira yowala yochokera kudzuwa. Ukapanda kunena izi apuyo imaika dzuwa kumbuyo koma njovu n'kuwala kumaso ngati wina waiwunikira ndi tochi, munthu sadziwa chalakwika n'chiyani koma amangomva kuti chithunzichi n'chabodza.

Chachiwiri uziyala zinthu ngati mmene umayalira pa peji. Kutsogolo kuli chiyani, pakati chiyani, kumapeto chiyani, nanga malemba akhala pati. Yamba ndi iyi, galimoto tisaitchule kaye dala

```
Wide photograph at sunrise on the Shire River, Liwonde, Malawi. Camera on the west bank facing east, low sun behind the far bank. Calm water and reeds in front. Three African elephants at the water's edge on the far bank, backlit. Tall palms and one baobab behind them. Upper third is empty pale orange sky. Vertical 4:5.
```

Waona ndanena njovu zitatu, osati njovu basi. Ukapanda kuika nambala imadzaza chigulu ndipo miyendo imayamba kusokonekera, ina isanu ina itatu. Mlengalenga mopanda kanthumo ndi mmene mukhale dzina la loji.

Yamikani Mafoto: Ine ndingofunsa. Kuchoka pa Ntcheu kukafika pa Liwonde ndi ulendo wa maola angati? Ukwera minibasi pa boma, pa Chingeni ukhota, Balaka, wafika. Bwanji osangotenga munthu wa kamera akagone usiku umodzi ajambule dzuwa lenileni ndi njovu zenizeni? Eni lojiwo ali ndi mtsinje pakhomo, ali ndi galimoto, koma akufuna chithunzi chopeka. Ife amakamera tizidya chiyani, maukwati okha?

Chiko wa Mapulinti: Achimwene ndalama imene andipatsa siyokwana n'thiransipoti yanu yomwe kkkk, musandipsere mtima

Yamikani Mafoto: Sindikupsera iwe. Ndikungonena.

A Mbewe a ku Golomoti: Yamikani ali ndi mfundo koma usiku umodzi sukwanira. Kuti njovu ziime pamalo oyenera, dzuwa lili pomwe ukulifuna, galimoto ilinso pomwe ukuifuna, ukhoza kukhala sabata. Kuwala kofiira kuja sikuchedwa, ukamakonza kamera kwayera kale. Ndiponso ndikuuzeni zoona, mbandakucha chimene umaona kwambiri ndi mvuu zikubwerera m'madzi kuchokera kokadya msipu usiku, ndi anakodzwe padambo. Njovu zimakonda kutsikira kumtsinje dzuwa likayamba kuswa mtengo. Sikuti m'mawa sizipezeka, zimapezeka, koma si za tsiku lililonse.

Chiko wa Mapulinti: Ndayesa ya a Nangozo ija. Eee yasintha kwambiri!! Phiri lapita, akadyamsonga apita, zilembo palibe. Ndaponya zinayi zimene zatuluka, onani

Jah Mada: Yachitatuyo ndi moto aise, pulinta yomweyo

A Mbewe a ku Golomoti: Dikirani. Yachitatuyo tayikulitsani pa njovu ya kumanzere. Makutu ang'onoang'ono, msana wotumphuka ngati chulu, mutu uli ndi tinthunthumira tiwiri. Imeneyo ndi njovu ya ku India. Yathu makutu ndi aakulu ngati lichero ofika mpaka paphewa, ndipo msana umalowa m'kati pakatipa. Komanso mitengoyo ndi ya kokonati ngati tili ku Nkhata Bay. Mvumo masamba ake ndi otambasuka ngati chikhatho, thunthu lowongoka, ndipo chakumtunda limatupa pang'ono ngati lameza kanthu.

Chinanso mlambewo uli mbuu wopanda tsamba koma udzu uli biriwiri ngati mu Febuluwale. Sizimayenda choncho. Mlambe umayoyola masamba chilimwe, udzu utauma. Musankhe nyengo imodzi.

Nangozo: Apa ndiye a Mbewe mwandiphunzitsa, za mlambezo sindikanaziona. Chiko sintha mawu awa, pamene pali `Tall palms and one baobab` uike

```
Tall borassus fan palms and one leafless baobab, dry season, short yellow grass
```

ndipo pa njovu uwonjezere `large fan-shaped ears`. Mawu oti `African` okha nthawi zina sakwanira, makamaka nyama zikakhala zazing'ono pachithunzi.

Jah Mada: Uikenso nkhungu pamadzi ndi fumbi lambiri kumbuyo, zimabeba heve

A Mbewe a ku Golomoti: Nkhungu pa Shire ndi ya Juni ndi Julaye kukamazizira, ngakhale kuzizira kwake sikufika kwa ku Dedza kuno. Fumbi lenileni ndi dzuwa lofiira psuu ngati mpira lija ndi za Seputembala ndi Okutobala, anthu akamatentha tchire utsi uli ponseponse. Ine ndikanasankha Okutobala chifukwa ndi nthawi imene nyama zimaunjikana kumtsinje, zithaphwi za m'tchire zitauma. Ndiye chithunzi chikugwirizana ndi zimene mlendo akaone akapita nthawi imeneyo. Koma mumuuze adzuke msanga, mwezi umenewo 5 koloko ikangopitirira pang'ono dzuwa latuluka kale.

Mayi Nachisale: Ndiye ife tasankha bwino mwezi wa 10. Chiko ukamaliza undipangireko yanga ya mbatata, ndikufuna matumba ali pamsewu pa Lizulu dzuwa likutulukanso chonchi

Chiko wa Mapulinti: Kkkk mayi yanuyo tidzangojambula ndi foni, mbatata sizithawa. A Nangozo tsopano galimoto ija, poti eni ake anenetsa kuti ikhalepo

Nangozo: Eya tafika povuta. Chifukwa chimene `in the distance` sichikugwira ntchito ndi ichi, chilichonse chimene watchula dzina apuyo imachitenga ngati chofunika ndipo imafuna ichionetse bwinobwino, ndiye galimoto imabwera kutsogolo. Pa zithunzi zambiri zimene inaphunzirapo galimoto ikatchulidwa imakhala ndiyo mwini chithunzi. Mawu oti kutali ndi ofooka, sakunena kuti kutali bwanji. Umafunika uipanikize mbali zingapo, unene ili kuseri kwa chiyani, ili mbali iti ya chithunzi, ndi yaying'ono poyerekeza ndi chiyani. Komanso uyiike kumapeto kwa pulomputi, chifukwa mapulogalamu ambiri amalemekeza zimene zili koyambirira. Uwonjezere ichi pansi pa zonse zija

```
Far behind the elephants, at the right edge on a dirt track, a tiny open-sided game-drive vehicle with a canvas roof, side view, much smaller than the elephants, thin trail of backlit dust.
```

Usayambe kufotokoza za matayala, mtundu wa mipando, alendo avala chiyani. Ukachulutsa mawu pa galimoto imaganiza kuti ukufuna zonsezo zioneke ndiye imaikokeranso pafupi. Apa ndi pamene malangizo a Mada oti pulomputi italike amapweteketsa.

Kafumbi kaja ndakaika dala. Galimoto ikachepa kwambiri diso silimaipeza, koma kamzere ka fumbi kowala ndi dzuwa kamalondolera diso mpaka pagalimotopo.

Jah Mada: Chabwino ndavomera koma 8K ndiikabe pa zanga

A Mbewe a ku Golomoti: `open-sided` yo mwachita bwino. Kwathu kuno timayendetsa ma Land Cruiser otsegula m'mbali, mipando yokwererana kumbuyo, denga la tenti. Zija zotsekeka zotukula denga anthu n'kusuzumira pamwamba ndi za ku Kenya ndi Tanzania. Ndipo chiwongolero chikhale kumanja, ndinaonapo posita ina dalaivala ali kumanzere ngati tili ku Congo. Alendonso akhale pansi, asaime. Ife timaletsa kuima nyama zili pafupi, ndiye posita isaphunzitse anthu zolakwika.

Nangozo: Chiwongolero musalimbane nacho mu pulomputi a Mbewe, sizimamva zimenezo. Galimoto ikakhala yaying'ono ndipo tikuionera m'mbali sichioneka n'komwe. Chikaoneka kumanzere Chiko akhoza kungotembenuza chithunzi chonse, poti mulibe malemba palibe chiwonongeke.

Chiko wa Mapulinti: Ndayesa kawiri, zithunzi 8. Zisanu galimoto yabwerabe pafupi koma osati ngati poyamba. Imodzi galimoto ili m'madzi kkkkk ikuyenda pa Shire ngati bwato. Ziwiri zili bwino. Koma kadyamsonga wabwereranso pa imodzi, chonsecho ndinawonjezera `no giraffes` kumapeto

Nangozo: Ndiye wamuitana wekha. Mapulogalamu ena akaona liwu loti `giraffes` amangogwira lomwelo, `no` uja osamuwerengera. Zili ngati kuuza mwana kuti usaganize za mandasi. Ngati apu yako ili ndi kabokosi kolembedwa `Negative prompt` uike mmenemo. A Midjourney amalemba kumapeto chonchi

```
--ar 4:5 --no giraffe, mountain, text
```

koma zimenezo ndi za Midjourney yokha, ukazilemba mu apu ina zimangokhala ngati mawu wamba ndipo kadyamsonga abweranso. Ngati kabokosiko palibe, ingochotsa liwulo, usamutchule n'komwe. Pulomputi yathu ija inali itamuthamangitsa kale.

Pa ziwiri zabwinozo yeza chonchi. Njovu yaikulu ndi Land Cruiser yokhala ndi denga sizisiyana kwambiri msinkhu zikaima pamodzi, njovu imaposa pang'ono. Ndiye ngati galimoto ili kutali kuwirikiza katatu kuposa pamene pali njovu, iyenera kuoneka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa njovuzo. Ika chala pa sikirini uyeze. Ikakhala yofanana ndi njovu ndiye kuti ili pambali pa njovu, si kutali kumeneko. Ikakhala yaying'ono koma matayala ake ali pamzere umodzi ndi mapazi a njovu, ioneka ngati kidole. Yakutali matayala amakhala m'mwamba pang'ono pachithunzi, kuyandikira pamene nthaka yakumana ndi thambo, ndipo mtundu wake umakhala wofuwirira.

Chiko wa Mapulinti: Ndayeza ndi rula yeniyeni pa laputopu kkkk. Njovu yaikulu masentimita 3, galimoto 1 ndi pang'ono. Koma pa chithunzi chimenechi njovu yapakati ili ndi zitamba ziwiri. Chinacho njovu zili bwinobwino koma galimoto ndiye yapindika ngati yagundidwa

Nangozo: Usayambirenso zonse, utaya chabwino chimene wapeza. Tenga chimene njovu zili bwino. Fufuza ngati apu yako ili ndi pokonzera malo amodzi, umapaka ndi chala pamene pakuvutapo n'kulemba zoti ziikidwe pomwepo basi, kwina konse osakhudza. Mu Photoshop ndi `Generative Fill`, mapulogalamu ena amangolemba `Edit` kapena `Inpaint`. Ubwino wake kukula kwa galimoto ukulamula ndiwe, chifukwa siingapose malo amene wapakawo. Kunena zoona ine ntchito zanga zambiri ndimapanga choncho kuyambira pachiyambi, malo ndi nyama kaye, galimoto pambuyo.

Koma njira imene ndingakonde kwambiri pa loji ndi iyi. Auze alamu ako ajambule galimoto yeniyeni ya lojiyo m'mawa, m'mbali, ataima patali ndithu, dzuwa lili kuseri kwa galimotoyo. Iwe uidule uyiike pachithunzi, uidetse pang'ono. Dzuwalo likhale kuseri ndithu, akajambula masana kapena dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula siigwirizana ndi kuwala kwa chithunzi chako ngakhale utalimbana nayo usiku wonse.

Yamikani Mafoto: Mwaona? Mwazungulira konseko mwabwereranso ku kamera

Nangozo: Kkkk sindikukana achimwene. Ndipo lojiyo payokha, zipinda, khonde, chakudya, zimenezo zikhale zithunzi zenizeni pansi pa posita. Chiko usayerekeze kulemba `lodge` mu pulomputi. Idzakumangira chinyumba cha magalasi ndi dziwe losambira loyang'ana kumtsinje. Ine zinandionekera ndi malo ena ogona kunyanja, mwini wake anakonda chithunzi chopekacho n'kukana kuchichotsa, alendo atafika anafunsa dziwe lili kuti, anthu anabweza ndalama ndipo wotukwanidwa pa foni ndinali ine.

A Mbewe a ku Golomoti: Pali chinanso chikundivuta. Kuchokera pakhonde la tsidya lino, galimoto ya tsidya linalo ingaoneke? Shire pamenepo ndi wotambalala, ndipo malo ambiri m'mphepete ndi dambo ndi bango, msewu suyandikira madzi paliponse. Komanso alendo a lojiyo akamakaona nyama amawoloka pa bwato kapena amazungulira pa mlatho wa pa Liwonde kukalowera pageti? Ngati amayenda kwambiri pa bwato, bwenzi pachithunzipo pali bwato osati galimoto.

Chiko wa Mapulinti: Akuti amapanga zonse, bwato madzulo galimoto m'mawa, amazungulira pa mlatho. Zoti ingaoneke kuchokera pakhonde alamu akuti iwo sanaionepo kkkk

Yamikani Mafoto: Ndiye ndi bodza limenelo. Mukugulitsa malo ndi chinthu choti sichinachitikepo. A CFTC aja, bungwe la boma loteteza ogula, amaletsa kutsatsa konamiza anthu.

Nangozo: Kunamiza ndi kulonjeza chinthu chimene kulibe, ngati dziwe lija kapena kadyamsonga. Njovu ziliko, mtsinje ulipo, galimoto ndi yawo, dzuwa limatulukadi kumeneko. Ngakhale amakamera mumadula mawaya a magetsi pa zithunzi za ukwati n'kuyeretsa nkhope za akwati mpaka amayi awo osawazindikira. Koma ine ndikanaika timalemba tating'ono pansi toti chithunzi chachikuluchi n'chopangidwa pa kompyuta, ndipo ndisalembepo kuti izi ndi zimene mudzaone muli pakhonde.

Yamikani Mafoto: Kuchotsa waya ndi kupeka njovu si zofanana asisi. Ndipo timalemba timeneto palibe amawerenga.

Jah Mada: Ukalemba kuti ndi za kompyuta ndiye wapha posita, azungu amadana nazo zimenezo

Nangozo: Akazizindikira okha osauzidwa ndiye amadana nazo kawiri. Koma izo asankhe eni loji, Chiko angowauza poyera kuti chithunzichi chapangidwa bwanji asanalandire ndalama.

Chiko tisanaiwale za pulinti, chithunzi chako chatuluka mapikiselo angati?

Chiko wa Mapulinti: 1024 x 1280

Nangozo: Pa Facebook chili bwino, kukula kozolowereka kwa 4:5 ndi 1080 x 1350 ndiye wangotsala pang'ono. Pa A3 ndiye ayi. Pa 300 dpi mapikiselo 1024 amangokwana masentimita osafika 9, kakhadi ka ukwati kameneko. A3 pa 300 dpi imafuna 3508 x 4961. Posita yopachika pakhoma anthu amaionera patali ndiye 150 dpi ikhoza kupirira, imeneyo ndi 1754 x 2480, koma ngakhale pamenepo sunafike. Uchikulitse ndi `Upscale` kanayi, kenako uchiyang'anenso chonse mwachifatse chifukwa pokulitsa imapeka tinthu tina. Malo oyamba kuona ndi mitu ya anthu m'galimoto muja, imatha kusanduka zinthu zoopsa zamaso atatu. Ikatero ingoidetsa ikhale zithunzithunzi zakuda, poti dzuwa lili kuseri palibe adabwe.

Komanso A3 ndi yotalika kuposa 4:5, ndiye patsala malo. Osachikoka kuti chikwane njovu zingaonde, malo otsalawo pansi ndi pamene uike zithunzi zenizeni za zipinda ndi manambala. Ndipo upulinte kaye ka A4 koyesera, kufiira kwa dzuwa kumene ukuona pa sikirini papepala kumatuluka kozimirira, mbali zakuda n'kuderatu bii njovu osaoneka makutu. Uziwalitse pang'ono usanatumize.

Mayi Nachisale: Ine zonsezi sindikumvapo kanthu koma chithunzicho n'chokongola. Chiko mitengo ija usaiwale

Chiko wa Mapulinti: Pepani ndinasowa, magetsi anathima kuyambira masana. Alamu anatumiza galimoto m'mawa uno, anajambula bwino dzuwa lili kuseri monga munanenera, ndaidula ndaiika kumanja kuseri kwa mivumo iwiri ndi kafumbi kake. Ndawonjezeranso timitu ta mvuu tiwiri kutsogolo pamadzi chifukwa cha zimene ananena a Mbewe. Ka A4 koyesera kanatulukadi kakuda ndawalitsa. Onani

A Mbewe a ku Golomoti: Apa ndiye pa Liwonde. Makutu ali bwino. Mvuu ya kumanjayo yayandikira bango kwambiri koma zimachitika.

Yamikani Mafoto: Chithunzithunzi cha galimoto chikugwera kumanzere pamene za njovu zikubwera kutsogolo. Konza pamenepo. Sindikuvomerezabe koma konza.

Chiko wa Mapulinti: Zoona achimwene ndaona, ndikonza. Mayi Nachisale mitengo ndakutumizirani kumbali. Eni loji ndawatumizira ayankha pompano, akuti zili bwino kwambiri, za timalemba ta kompyuta tija akuti aganize kaye afunse akazi awo. Koma akufunsa ngati galimoto ingakule pang'ono ibwere chapakati kuti dzina la loji limene lili pachitseko liziwerengeka

Nangozo: Eish

Jah Mada: Kkkkkkk atumizire yoyamba ija aise, ya Kilimanjaro